Chopotokolera chathyoka, sipeya sikupezeka: muyeze chothyokacho, muchijambule, kapena muyeze shafuti?

Makina ochapira zovala amatha kukhala pakona chaka chathunthu chifukwa cha kapulasitiki kamodzi kokwana m'chikhatho. Mota ili bwino, lamba ali bwino, tayima ikugwira ntchito, koma chopotokolera chomwe mumagwira poyatsa chang'aluka mkati ndipo chikungozungulira chokha osakoka shafuti. Ogulitsa masipeya akuti mtundu umenewo anasiya kupanga. Ngati pali pulinta ya 3D imene mungaifikire, kusindikiza china ndi ntchito ya ola limodzi kapena awiri. Chovuta chili poyambirira: miyeso yolowetsa m'kompyuta muitenga kuti? Njira zodziwika zilipo zinayi. Mutha kutsitsa fayilo imene wina anajambula kale, kujambula chothyokacho ndi sikana kapena foni, kuchiyeza ndi kalipa n'kuchikopera momwe chilili, kapena kuchiika pambali n'kuyeza shafuti imene chimavala. Tiziyesa zonse pa chopotokolera chomwechi, chomwe bowo lake ndi lozungulira koma mbali imodzi ndi yafulati, looneka ngati chilembo D.

Tiyambe ndi kalipa, chida choyezera cha nsagwada zotsetsereka, poti njira iliyonse imabwerera kwa iyo. Ya veniya, yopanda batire ija, imawerenga 0.02 mm kapena 0.05 mm ndipo siifa msanga, koma imafuna diso lozolowera. Ya dijito yachitsulo imaonetsa 0.01 mm pagalasi, ngakhale kulondola kwake kwenikweni kumathera cha pa 0.02 kapena 0.03 mm. Ya dijito yapulasitiki yotsika mtengo imaonetsa 0.1 mm ndipo imatha kuphonya ndi 0.2 mm, komwe ndi kukula kwa mpata wa pakati pa bowo ndi shafuti womwe tikusakawo, choncho pa ntchito iyi isiyeni. Pakati pa ziwiri zachitsulozo, tengani yomwe muli nayo. Pulinta wamba yosungunula pulasitiki imaphonya ndi 0.1 mm kapena kuposerapo, ndiye palibe phindu lokangana za nambala yachiwiri pambuyo pa dontho. Chofunika ndi kagwiridwe. Pukutani nsagwada zake, zitsekeni, muone kuti ikuwerenga ziro. Chinthu choyezedwacho chilowe mkati mwa nsagwada, osati kunsonga kwenikweni, ndipo chala chachikulu chisakankhe mwamphamvu, chifukwa pulasitiki imafinyika ndipo kalipa imakupatsani nambala yaing'ono.

Kutsitsa fayilo yopangidwa kale

Iyi ndiyo yachangu, ndipo nthawi zina imagwiradi. Pa masamba ngati Thingiverse ndi Printables pali zopotokolera zambirimbiri. Mukapeza ya mtundu weniweni wa makina anu, yesani, simutaya kanthu. Vuto limabwera mukapeza yongofanana. Mashafuti a D ambiri ndi a 6 mm, ena ndi a 6.35 mm, yomwe ndi kota ya inchi, ndipo ndi maso simungawasiyanitse. Anthu amaganiza zongokulitsa kapena kuchepetsa fayilo yonse ndi maperesenti 6, koma potero mbali yafulati, kuya kwa bowo ndi kutalika kwa chopotokolera zimasinthira limodzi, pomwe pa shafuti yanu miyeso imeneyi siyendera limodzi. Komanso fayilo ya STL, mtundu womwe mumatsitsa kawirikawiri pa masambawa, ndi chikopa chabe cha timakona atatu tolumikizana. Mulibe muyeso woti mungaukonze paokha. Mapeto ake mumagwirabe kalipa, kenako mumalimbana ndi chojambula cha munthu wina. Kujambula chanu kumakhala kwachidule kuposa pamenepo.

Sikana ndi foni

Sikana ya mapepala ndi chida chabwino kuposa momwe ambiri amaganizira. Pa 600 dpi, kadontho kamodzi ka chithunzi ndi pafupifupi 0.04 mm. Mukagoneka chinthu pagalasi, rula yachitsulo pambali pake, mumapeza chithunzi chomwe mungachilowetse mu pulogalamu yojambulira ngati FreeCAD kapena Fusion, n'kuchikulitsa mpaka rula ija ifanane ndi muyeso weniweni, kenako n'kulondola mzere wa m'mphepete. Pa zinthu zafulati zokhotakhota, monga kachitsulo kotsekera chivindikiro, kachogwirira kokhala ndi mabowo osayang'anizana, kapena mano a giya, palibe njira ina yoposa iyi, chifukwa kalipa siyeza kukhota.

Koma sikana imaona bwino chokhacho chomwe chakhudza galasi. Bowo la chopotokolera chathu lili mkati, pansi pa siketi yake, mamilimita angapo kuchoka pagalasi, ndipo limatuluka losaoneka bwino, lodzaza ndi mthunzi. Foni ndiye imanama kwambiri. Tinene kuti mwaigwira pa 30 cm kuchokera pa tebulo pomwe pali rula, ndipo mkombero wa chopotokolera uli 2 cm pamwamba pa tebulolo. Mkomberowo uli pafupi ndi kamera kuposa rula, ndiye umaoneka wokula ndi maperesenti 7: wa 40 mm umaoneka ngati wa 43 mm. Mungachepetse vutoli poimirira patali n'kukweza rula ifike pa msinkhu wa mkombero, komabe simungafike pa 0.1 mm. Mapulogalamu a foni omwe amapanga chithunzi cha 3D pozungulira chinthu amavutika ndi pulasitiki yonyezimira ya mtundu umodzi, ndipo mkati mwa bowo la 6 mm saonamo n'komwe. Pa chopotokolera, chithunzi chikuthandizeni pa maonekedwe akunja basi, komwe kuphonya ndi milimita imodzi sikupweteka munthu.

Kuyeza chothyokacho n'kuchikopera

Iyi ndiyo imene mtima umayamba kusankha. Chinthu chili m'manja, kalipa ili m'manja, bwanji osangoyeza chilichonse n'kujambula chimodzimodzi? Pa mbali zakunja ndi bwino ndithu: mulifupi mwa siketi, kutalika konse, malo a kamzere kolozera. Pa bowo ndi pomwe chothyokacho chimanama, ndipo chimanama m'njira zingapo.

Choyamba, mng'alu. Khosi lomwe limavala shafuti likang'aluka limatseguka, ndipo nsagwada zazing'ono za kalipa mukazilowetsamo zimalitsegulanso. Mutha kuwerenga 6.4 mm, kukanikiza pang'ono n'kuwerenga 6.6 mm, pa bowo lomwe linapangidwa la 6.05 mm. Ngakhale mutalimata ndi guluu musanayeze, guluuyo amatenga malo ake mu mng'alumo. Chachiwiri, kuperepeseka. Chopotokolera sichithyoka tsiku limodzi. Chimayamba chagwedera kwa miyezi, m'mphepete mwa fulati ya shafuti mukudya pulasitiki pang'onopang'ono. Mbali yafulati imene mukuyezayo ndi yotsala pambuyo pa kudyekako.

Chachitatu ambiri sachidziwa. Zinthu zapulasitiki za ku fakitale zimaumbidwa m'chikombole, ndipo kuti zituluke mosavuta makoma ake amapendekeka pang'ono, kawirikawiri digiri imodzi kapena awiri. Pa khosi lotalika 15 mm, digiri imodzi imapereka 0.26 mm mbali iliyonse, kutanthauza kuti kunsi ndi kunsonga zimasiyana theka la milimita. Mukayeza malo awiri n'kupeza manambala osiyana, si kuti kalipa yafa. Ndipo pulinta siifuna kupendekeka kumeneku. N'chimodzimodzi ndi makoma opyapyala ndi timinthiti tomwe mumationa kunsi kwa chopotokolera: fakitale imapewa pulasitiki yonenepa chifukwa imachedwa kuzizira ndipo imaphwa pamwamba. Inu mulibe vuto limenelo. Mukakopera khosi la khoma la 1.5 mm, mwakopera chofooka chomwe chinathyoketsa choyambacho, ndipo mwachikopera mu pulasitiki yosindikiza, yomwe ndi yosalimba ngati ya m'chikombole.

Pomaliza, suzumirani m'bowomo ndi tochi. Zopotokolera zambiri zimakhala ndi kachitsulo kopindika, kasipuling'i, komwe kamagwira shafuti kuti chisavuke. Ngati kanalimo n'kugwa, bowo lomwe latsala ndi lalikulu dala ndipo muyeso wake sukuuzani kalikonse za shafuti. Ngati kakadalimo, kasungeni. Mutha kukasiyira malo m'chojambula chatsopano.

Palinso malire a kalipa yeniyeniyo. Nsagwada zoyezera mkati zili ndi m'mphepete mwafulati pang'ono, ndiye m'bowo laling'ono lozungulira sizikhudza khoma penipeni ndipo zimawerenga mochepa. Pa mabowo ozungulira osafika 5 mm, ndi bwino kulowetsamo kumbuyo kwa nsonga za diriro za makulidwe osiyanasiyana, n'kuyeza ndi kalipa imene yakwana.

Kuyeza shafuti

Shafuti ndi yachitsulo, kapena pulasitiki yolimba kuposa chopotokolera. Siinang'aluke, siinaperepeseke kwenikweni, ndipo imayezedwa kunja, komwe kalipa imachita bwino koposa. Chopotokolera chatsopano chikavala shafutiyi, osati chakale chija. N'chifukwa chake ine ndimaiika njira iyi patsogolo pa zonse, zinazo n'kungothandizira. Telala wabwino amayeza munthu, sayeza malaya ong'ambika.

Zulani pulagi ku magetsi musanayambe. Miyeso yofunika ndi inayi, ndipo manambala otsatirawa ndi a chitsanzo chathu, anu adzasiyana. Woyamba ndi kunenepa kwa shafuti. Ikani nsagwada mbali ziwiri zozungulira, fulati ikuyang'ana kumwamba osakhudzidwa, yezani kunsonga, pakati ndi kutsinde. Tinene kuti mwapeza 5.98, 5.97 ndi 5.99. Amene anapanga shafutiyi sanalembe 5.98, analemba 6, ndipo inunso lembani 6.00. Mukanapeza 6.32 kapena 6.34, mukanadziwa kuti ndi ya 6.35. Kufunsa kuti "wopangayo ankafuna nambala iti?" kumachotsa zolakwika zing'onozing'ono za dzanja lanu. Wachiwiri ndi wochokera pa fulati kufika kumsana kwa shafuti. Nsagwada imodzi igone bwinobwino pa fulatipo. Gwedezani kalipa pang'ono, ndipo nambala yaing'ono koposa ndiyo yoona, chifukwa kupendekeka kulikonse kumaonjezera. Mwapeza 4.48, 4.51, 4.49, ndiye kuti ndi 4.5.

Miyeso iwiri yotsalayo ndi ya m'litali, ndipo ndi imene anthu amaiwala. Ndi kamchira kotuluka kumapeto kwa kalipa, yezani kutalika kwa shafuti kuchokera pa nkhope ya makina kufika kunsonga: 15.0 mm. Kenako yezani kutalika kwa fulati kuchokera kunsonga kufika pomwe yathera: 12.0 mm. Ndiye kuti 3 mm za kutsinde ndi zozungulira kwathunthu. Chopotokolera sichiyenera kukhuza nkhope ya makina, apo ayi chizikanda utoto ndi kulimba potembenuza, choncho tisiye mpata wa 1.5 mm. Bowo likhale lakuya 15.0 kuchotsa 1.5, yomwe ndi 13.5 mm, kuti nsonga ya shafuti ikagunda kumapeto kwa bowo mpata uja utsale wokha. Koma fulati ndi ya 12 mm yokha, ndiye 1.5 mm yoyamba pakamwa pa bowo iyenera kukhala yozungulira. Mukapanga D bowo lonse, chopotokolera chimaima chisanafike, chili chotukuka, ndipo mumayamba kupala bowo ndi fayilo yachitsulo poganiza kuti lachepa, pomwe vuto lili pakamwa.

Pali chinanso chosayezedwa ndi kalipa: komwe kamzere kolozera kayang'ane. Siyani tayima pa ziro, muone komwe fulati yaloza poyerekeza ndi chizindikiro cha ziro pa nkhope ya makina, mujambule chithunzi mutayang'ana molunjika. Apa chothyoka chija chimathandiza, chifukwa mgwirizano wa fulati ndi kamzere umaonekabe ngakhale khosi litang'aluka. Ingokumbukirani kuti mukachiyang'ana kunsi, kumanja ndi kumanzere zimasinthana. Chopotokolera cholowa bwino koma choloza mbali yolakwika nthawi zambiri chimachokera pamenepa.

Mpata: woganizira kapena woyesa

Mukajambula bowo la 6.00 pa shafuti ya 6.00, silingalowe. Mabowo osindikizidwa amatuluka aang'ono kuposa ojambulidwa, kawirikawiri ndi 0.1 mpaka 0.3 mm, chifukwa pulasitiki yotentha imakokera mkati pokhota ndipo imafinyikira m'mbali. Kuchuluka kwake kumadalira pulinta, mtundu wa pulasitiki, kutentha ndi liwiro, ndiye nambala ya munthu wina ndi poyambira chabe. Ena amangoonjezera 0.2 mm n'kusindikiza chonse. Akachita mwayi chimakwana. Akapanda mwayi ataya maola awiri ndipo sadziwa ngati aonjezere kapena achepetse zingati. Njira yabwino ndi kusindikiza timphete toyesera. Mu OpenSCAD, komwe chojambula chimalembedwa ngati mawu, ndi mizere yochepa:

```
d0 = 6.0; f = 4.5; h = 5; $fn = 96;
for (i = [0:4]) translate([i*18, 0, 0])
  let (c = i*0.1) difference() {
    cylinder(d = 14, h = h);
    translate([0, 0, -1]) intersection() {
      cylinder(d = d0 + c, h = h + 2);
      translate([-5, -(d0 + c)/2, 0])
        cube([10, f + c, h + 2]);
    }
  }
```

Izi zimatulutsa timphete tisanu totalika 5 mm, mpata wake kuyambira 0.0 mpaka 0.4 mm, ndipo timasindikizika m'mphindi zowerengeka. Tilembeni manambala ndi cholembera tisanachoke pa bedi la pulinta, chifukwa tikasokonezeka simungatisiyanitse. Tivekeni pa shafuti kuyambira mbali yomwe inali kumwamba. Mbali yomwe inagona pa bedi imakhala ndi kamlomo kofinyika komwe kamachepetsa bowo, ndipo kakhoza kukunamizani kuti mphete yonse yathina. Yoyenera ndi imene ikulowa ndi chala chachikulu mokankha ndithu, osafuna hamala, ndipo mukaipotokola uku ndi uku siikugwedera. Ikalowa koma pulasitiki n'kuyera mozungulira bowo, yathina kwambiri ndipo idzang'aluka. Nthawi zina kuzungulira kumakwana koma fulati ikugwedera. Pamenepo siyanitsani mipata iwiriyo, ya `d0` ndi ya `f`, musinthe umodzi wokha.

Tinene kuti ya 0.2 ndiyo yapambana. Musathamangire chopotokolera chonse. Sindikizani khosi lokha lathunthu, la 13.5 mm, chifukwa bowo lalitali limagwira shafuti malo ambiri ndipo limathina kuposa kamphete kafupi. Mwina mufunika 0.25. Apa ndi pomwe pulogalamu yosunga miyeso ngati manambala osinthika, monga OpenSCAD, FreeCAD kapena Fusion, imaposa Tinkercad. Tinkercad ndi yosavuta kuphunzira ndipo chopotokolera ingachijambule, koma kusintha mpata kumafuna kumasula zomwe munalumikiza n'kukonza chilichonse pachokha.

Khosi, kagonekedwe ndi pulasitiki

Tayima ya sipuling'i imafuna mphamvu poiwayinda, ndipo mphamvu yonseyo imadutsa pa fulati yotambalala pafupifupi 5.2 mm yokha. Shafuti ikamakana kutembenuka, m'mphepete mwa fulati mumakankha khoma ngati mukufuna kutsegula khosi, n'chifukwa chake mng'alu umayambira pa ngodya ya D n'kutsika m'litali. Pomwe malo alipo, nenepetsani khosilo: 14 mm kunja pa bowo la 6.2 mm zimapereka khoma la pafupifupi 4 mm. Muyeze kaye ngati khosi limalowa m'bowo la pa nkhope ya makina, chifukwa likatero bowo limenelo ndilo malire anu. Mu pulogalamu yokonzera kusindikiza, onjezerani chiwerengero cha makoma chifike asanu kapena asanu ndi limodzi. Ndi nozo ya 0.4 mm, kakamwa ka pulinta kotulutsira pulasitiki, makoma amkati ndi akunja amakumana ndipo khosi limakhala lodzaza. Izi zimalimbitsa kuposa kukweza peresenti ya zodzazira mkati.

Sindikizani bowo litayang'ana kumwamba, nkhope ya chopotokolera itagona pa bedi. Potero ulusi wa pulasitiki umazungulira bowo, mbali yomweyo imene mphamvu yong'alula imakokera, bowo limatuluka lozungulira bwino, ndipo mkati simufunika zochirikiza. Mukachigoneka cham'mbali, bowo limaphwanyika kumwamba kwake ndipo khosi limang'aluka motsata mizere yosanjikizanayo. Kuti nkhope igone bwino iyenera kukhala yafulati, ndiye ngati choyambacho chinali ndi chogwirira chotumphuka mokhota, chisintheni: pangani chogwirira cha pamwamba pafulati, kapena timipata ta zala m'mbali. Pakamwa pa bowo dulani ngodya ya 0.5 mm kuti shafuti izilowa mosavuta.

Pa pulasitiki, PLA ndi yosavuta kusindikiza ndipo imasunga miyeso bwino, koma imayamba kufewa cha pa madigiri 55 mpaka 60, ndipo ikakhala yofinyidwa nthawi yaitali imagonja pang'onopang'ono, moti chopotokolera cholimba lero chimayamba kugwedera patapita miyezi. PETG imapirira mpaka cha pa madigiri 80, imapindika pang'ono isanathyoke ndipo siopa madzi a sopo, ndiye pa makina ochapira ndiyo ndingasankhe. ABS ndi ASA zimafika cha pa madigiri 100, koma zimakhwinyata pozizira ndipo zimafuna pulinta yotsekedwa. Mukasintha pulasitiki, bwerezani timphete tija. Mpata wa PLA si wa PETG.

Chopotokolera cha tayima chikalephera, palibe wovulala. Si zida zonse zili choncho. Pa chitofu cha gasi, kamzere koloza molakwika kapena bowo logwedera zingakuonetseni kuti mwatseka gasi akutulukabe, ndipo zambiri zimafuna kukankhidwa mkati zisanatembenuke, ndiye mpata wa pansi pa siketi uyenera kuposa mtunda wa kukankhako. Pa uvuni, mpweya wotentha wotuluka pachitseko umafewetsa PLA ngakhale PETG. Zida zogwira mawaya amoyo, zokhudza chotenthetsera, zosunga mpweya kapena madzi opanikizika, ndi zoimitsa ng'oma yokamulira chivindikiro chikatsegulidwa, musazisindikize. Pulasitiki wamba yosindikizira imayaka ndipo imatha kudontha pakati pa mizere yake. Pa zimenezo funani makina ena akufa a mtundu womwewo muchotseko chida chenicheni.

Chatsopanocho chikadzalephera, malo olepherawo amanena chokonza. Mng'alu wotsika m'litali mwa khosi ukutanthauza kuti bowo linathina kapena khoma linachepa. Khosi lothyoka mopingasa, pomwe lalumikizana ndi nkhope, likutanthauza kuti mizere siinagwirane bwino kapena ngodya ya pamenepo inali yakuthwa; kwezani kutentha kwa nozo ndi madigiri 5 kapena 10, muchepetse fani yoziziritsa, ndipo pa ngodyapo muikepo mkombero wokhota wa 2 mm. Fulati ikadyeka n'kuyamba kuzungulira yokha, mpata wa `f` unakula kapena pulasitiki ndi yofewa pa mphamvu ya tayimayo. Pamenepo siyani kampata m'chojambula koti mulowetsemo kasipuling'i kakale kaja kapena kachitsulo kafulati, kuti shafuti izikankha chitsulo m'malo mwa pulasitiki.